Machesi Amayesa Madzi, Sayesa Shuga

"Ndili ndi kagolosale ku Luchenza ndipo ndimafuna kumagulitsamo uchi. Anthu awiri andibweretsera wa m'zigubu za malita 5. Ndinaviika machesi: wa bambo a ku Likhubula sunayake, wa mnyamata winayo unayaka bwinobwino. Kodi ndiye kuti bambowo anathiramo shuga? Ndidziwa bwanji ndisanapereke ndalama?"

Mayi, musawaweruze msanga bambowo. Machesi anu anena zoona, koma ayankha funso lomwe simunawafunse. Kamtengo ka machesi kamakana kuyaka mutu wake ukanyowa, basi. Zomwe mwapeza n'zakuti uchi wina uli ndi madzi ambiri kuposa unzake. Za shuga simunapezebe kanthu.

Chifukwa chake chili mu uchi momwemo. Uchi wokhwima uli ndi madzi pafupifupi magawo 17 kapena 18 pa 100 alionse, ndipo pafupifupi zonse zotsalazo ndi shuga wa m'maluwa, makamaka mitundu iwiri yotchedwa fulukitosi ndi gulukosi. Choncho munthu akathira manyuchi a shuga mu uchi, wathira shuga mu shuga. Diso, moto, pepala ndi tambula ya madzi sizingalekanitse ziwirizo. Chomwe zingaone ndi madzi omwe abwera limodzi ndi manyuchiwo, ngati wothirayo anali waulesi pophika.

Njira zonse zomwe timauzana pamsika n'za mtundu umodzi womwewu. Kudontheza uchi m'tambula ya madzi kuti muone ngati utsike osasungunuka, kuudontheza pa chikhadabo kuti muone ngati uyenderere, kuupaka pa nyuzipepala kuti muone ngati ulowerere kuseri, kuukweza ndi supuni kuti upange ulusi wosaduka: zonsezi zikuyesa kulimba, ndipo kulimba kumatsata madzi ndi nyengo. Uchi womwewo umene ukuyenda ngati mafuta masana a mu Okutobala umakana kutuluka m'botolo m'mawa wa chiperoni. Zoti nyerere ndi galu sadya uchi weniweni tisatayirepo nthawi. Nyerere zimadya uchi weniweni mosangalala, funsani aliyense woweta njuchi chifukwa chomwe amapakira girisi pa mawaya okolekera ming'oma.

Nanga uchi weniweni ungachuluke madzi bwanji? Njuchi zikabweretsa timadzi ta m'maluwa, zimatiumitsa pokupiza mapiko, ndipo selo la chisa likakhwima zimalitseka ndi phula. Munthu akafula mothamanga n'kufinya zisa zosatseka pamodzi ndi zotseka, uchi wake umatuluka wamadzi ngakhale sanathiremo kalikonse. Komanso uchi umayamwa chinyontho cha mumpweya. Kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje, komwe nkhungu imatha kukhala masiku angapo, ndowa yosiyidwa yosavindikira imamwa madzi yokha. Uchi wotere si wachinyengo, koma si wogula kuti mukasunge pa shelefu. Malamulo a padziko lonse a zakudya otchedwa Codex amati madzi asapitirire magawo 20 pa 100, chifukwa kupitirira apo uchi umayamba kusasa: thovu pamwamba, fungo la mowa wamasese, chigubu kufufuma.

Pa njira za pakhomo, yomwe ine ndimaidalira ndi sikelo, chifukwa imapereka nambala m'malo mwa "ndikuona ngati". Lita imodzi ya uchi wokhwima imalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, pomwe lita ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mufunika sikelo ya batire yowerenga magalamu, osati yokoleka ija ya ogula nandolo. Tengani botolo louma la mamililita 500, mulembe mzere pakhosi pake. Liyezeni lopanda kanthu. Thirani madzi mpaka pamzere, muyeze, muchotsepo kulemera kwa botolo. Mukatero khuthulani, liume bwinobwino, n'kuthiramo uchi mpaka pamzere womwewo, muyeze, muchotseponso kulemera kwa botolo. Kulemera kwa uchi kukhale kwa madzi kuja kuchulukitsa ndi 1.4 kapena kupitirirako pang'ono.

Tiyerekeze kuti madzi anu analemera magalamu 500 ndendende. Uchi wokhwima bwino udzawerenga pafupifupi 710. Wofika m'malire a magawo 20 aja udzakhala cha m'ma 700. Wina akatenga uchi wabwino n'kusakaniza mabotolo anayi a uchi ndi limodzi la madzi, sikelo idzatsika kufika cha m'ma 670, ndipo wagwidwa popanda mkangano.

Tsopano nayi mbali yomwe ndikufuna muimvetse. Manyuchi wamba, ophika makilogalamu awiri a shuga mu lita imodzi ya madzi, amalemera pafupifupi 665 m'botolo lomwelo. Akasakanizidwa theka kwa theka ndi uchi wabwino, sikelo imawerenga pafupifupi 690. Koma uchi weniweni wofulidwa usanakhwime, wa madzi ngati magawo 24 pa 100, nawonso umawerenga cha pomwepo. Nambala imodzi, nkhani ziwiri: wina ndi wakuba, wina ndi wopupuluma chabe. Mukapeza 690 muli ndi chifukwa choti musagule, koma mulibe umboni wotchulira munthu kuti ndi tambwali.

Ndiye pali wochenjera uja. Shuga wa m'sitolo paokha salola kuphikidwa kulimba ngati uchi, chifukwa akazizira amabwerera kukhala timiyala toyera tolimba pansi pa botolo. Koma akaphikidwa ndi madzi a mandimu amasweka n'kukhala gulukosi ndi fulukitosi, mitundu iwiri yomwe ija ili mu uchi, ndipo atha kuwiritsidwa mpaka madzi atatsala ochepa ngati a uchi weniweni. Manyuchi otere amayatsa machesi, amatsika m'tambula osasungunuka, salowerera pepala, ndipo pa sikelo amafika 700 n'kupitirira. Ngakhale kachipangizo kamene ogula uchi wambiri amayenda nako, rifulakitomita, kamawapatsa chiphaso, pakuti nako kamawerenga madzi okha. Sindikunena kuti mnyamata wanuyo anachita zimenezi. Ndikungoti machesi ake oyakawo sakumuikira kumbuyo, monganso machesi ozima sakuwatsutsa bambo aja.

Anthu ambiri amabweza uchi ukagwirana n'kukhala ngati phala la mchenga, amati "taonani shuga uja watulukira". Makasitomala anu adzakuuzani zimenezi mu Juni ndi Julayi, choncho konzekeranitu yankho. Chomwe chagwirana ndi gulukosi wa mu uchi momwemo, ndipo amachita msanga kukazizira cha m'ma digiri 14, kuzizira komwe Thyolo ndi Mulanje amakudziwa bwino. Kufulumira kwake kumatengera maluwa omwe njuchi zinapitako: wina amagwirana m'masabata ochepa, wina amatha chaka ali wamadzimadzi. Kugwirana sikutsimikiza chinyengo, kusagwirananso sikutsimikiza kanthu. Botolo likagwirana liikeni m'madzi ofunda oti dzanja lingapirire, osati pamoto.

Mphuno ndi lilime zimaposa machesi, ngakhale nazonso zili ndi polekera. Sungunulani supuni yaing'ono ya uchi m'theka la kapu ya madzi ofunda, mununkhize, kenako mumwe pang'ono. Uchi umakhalabe ndi fungo la maluwa ake, wa bulugamu wa m'mbali mwa minda ya tiyi ndiye sabisika, ndipo kukoma kwake kumatsalira kukhosi. Manyuchi okhaokha akasungunuka amangokhala madzi otsekemera, mwina ndi kafungo kopserera. Koma kumbukirani kuti alipo alimi omwe amasungunula zisa pamoto kapena kuchulutsa utsi pofula, ndipo uchi wawo nawonso umamveka kupserera. Komanso uchi wa fungo lamphamvu ukasakanizidwa theka kwa theka umanunkhirabe. Phula, mapiko a njuchi kapena kachidutswa ka chisa koyandama pamwamba musazitenge ngati umboni. Wothira shuga naye amadziwa kuti timakonda kuziona.

Chomwe chimagwiradi shuga ndi labotale. Kumeneko amayeza shuga wa mtundu wa m'sitolo uja, sukulosi, yemwe mu uchi wambiri sayenera kupitirira magalamu 5 pa 100. Wophikidwa ndi mandimu amazemba muyeso umenewo, koma amasiya chizindikiro china chotchedwa HMF, chomwe chimachuluka shuga akawiritsidwa ndi zowawasa, ngakhale chimakweranso mu uchi weniweni wotenthetsedwa kapena wokhalitsa padzuwa. Muyeso wovuta kuunamiza ndi wa kaboni. Nzimbe ndi chimanga zimapanga shuga wake mwa njira yosiyana ndi mitengo ndi maluwa omwe njuchi zimatolako, ndipo kusiyanako kumatsalira mu shugamo ngakhale aphikidwe chotani. Popeza shuga wathu ndi wa nzimbe za ku Nchalo ndi Dwangwa, muyeso umenewu ungamupeze. Pa zigubu ziwiri si zoti mungavutikire. Mukadzafika poika uchi m'mabotolo a dzina lanu, ndi pomwe mudzafunike kupita ku Malawi Bureau of Standards ku Blantyre kukamva zoyenera kuchita.

Pakadali pano chitani izi. Kwa aliyense gulani botolo limodzi lokha, ndipo muthire nokha kuchokera m'chigubu chomwe mukufuna kudzagulacho, mutachivundula kaye, osati kabotolo kolawitsa kamene abwera nako m'thumba. Yezani pa sikelo, lawani m'madzi ofunda, kenako mutseke mabotolowo n'kuwasiya sabata ziwiri kapena zitatu. Wamadzi ayamba thovu ndi kununkha chosasa. Wa shuga wosaphika bwino atha kuonetsa timiyala tolimba pansi.

Kenako afunseni mafunso omwe wogula shuga sangayankhe bwino. Ming'oma ili kuti, ndi ingati, munafula liti, phula lake munapita nalo kuti? Munthu wa ming'oma itatu amene ali ndi malita 20 mwezi uliwonse, dzinja ndi chilimwe chomwe, akutenga kwina. Mtengo nawonso umalankhula: kilogalamu imodzi ya shuga imatulutsa manyuchi olimba opitirira kilogalamu, choncho wothira shuga amatha kutsitsa mtengo kufika pomwe mlimi weniweni sangafike.

Ndikanakhala inu ndikanayambira kwa bambo a ku Likhubula, chifukwa vuto lawo likuoneka ndipo mwina n'lokonzeka. Apempheni kuti tsiku lofula mudzakhalepo kapena mutumeko mwana wanu wamkulu, ndipo muwauze kuti mukufuna wa zisa zotseka zokhazokha, wofinyidwa osauika pamoto, m'ndowa youma ya chivindikiro chothina. Zisa zosatsekazo afinye padera, adye okha kapena agulitse kwa ofuna kudya sabata yomweyo. Uchi wa ulendo umenewo mukauyeza pa sikelo n'kupeza 700 kapena kupitirira, sunganiko botolo limodzi kuti muzifanizira nalo fungo ndi kulemera kwa wina aliyense wodzakugogoderani ndi chigubu.