Musanagule chilichonse, sunthani kaye foniyo

"Abale, kwaya yathu ili ndi anthu 28 ndipo tikufuna kutepa nyimbo zinayi kuti tiziike pa YouTube ndi Facebook. Tikatepa pa foni mawu akumang'ambika. Tigule chiyani? Nanga kamera yabwino ndi iti?"

Mayi, za kamera akuyankhani ena, ine ndimadziwa za mawu basi. Ndaona wina pamwambapa akuti mugule mikisa ndi mamaiki eyiti. Aaa, amenewo mwina ali ndi shopu.

Chaka china ndinatumidwa kukatepa kwaya ya kwathu pa msonkhano wa makwaya. Ndinaika foni pa benchi yakutsogolo, pafupi ndi sipika, poganiza kuti pamenepo ndi pomwe pakumveka bwino. Vesi yoyamba inalowa bwinobwino. Koma pofika pa kolasi, amayi a sopurano atakweza, ng'oma nayo italowerera, zonse zinangosanduka phwererere ngati wailesi yotha batire. Ndinakhala mausiku awiri pa kompyuta kuyesa kukonza, osatheka. Mawu akapyola mlingo womwe chotepera chingalandire, nsonga zake zimadulidwa, ndipo zodulidwazo sizibwereranso. Mukatsegula fayilo yotere mu Audacity, pulogalamu yaulere, mudzaona mafunde aja ali osalala pamwamba ngati ametedwa ndi sizasi.

Ndiye chitani chonchi. Musatepe nthawi ya mapemphero, sankhani tsiku lapadera, tchalitchi muli inu nokha. Sipika zonse za tchalitchi zimitsani. Oyimba aime mizere iwiri kapena itatu yokhota ngati uta, abambo a tena ndi besi kumbuyo, pamalo okwera pang'ono. Chotepera chikhale pakati, mamita awiri kapena atatu kuchokera pa mzere woyamba, ndipo chikwezedwe kupitirira mitu yawo, ngati mamita awiri ndi theka, chitaweramira kwa iwo. Chikakhala m'munsi chimangomva amayi atatu akutsogolo, besi yonse n'kusowa. Chikatalikira kwambiri chimamva khoma ndi malata kuposa anthu. Ife timachimangirira ku nsungwi yozika mu ndowa ya mchenga. Osachigwira m'manja.

Kiyibodi ndiye mdani wamkulu. Woyimba wake amakonda kudzimva, ndiye muyenera kulimba naye mtima: sipika yake ikhale pambali ndipo atsitse mpaka adandaule. Ng'oma nayonso italikire. Ngati mukuyendera jenereta, ikhale kutali kuseri kwa nyumba ina, chifukwa kulira kwake kumalowa pansi pa nyimbo yonse ndipo mumakuzindikira mutafika kale kunyumba. Mvula ikayamba pa malata, ingokhalani pansi muidikire.

Mukafuna kugula kanthu kamodzi, ine ndimagwiritsa Zoom H1n, kachotepera mawu kakang'ono. Kunja kankagulidwa pafupifupi madola 100, kuno kumudzi yembekezerani kuposa pamenepo. Kamayendera mabatire awiri a AAA, choncho magetsi akathima ntchito siima. Ubwino wake weniweni ndi kagudumu kotsitsira mphamvu ya mawu olowa, pomwe mafoni ambiri amadzisinthira okha, kukweza poyimba motsitsa ndi kupsinja pokweza. Auzeni oyimba ayambe ndi malo omwe amakuwa kwambiri, inu muzitsitsa mpaka mita yoonetsa mphamvu ya mawu izifika pa -12 dB osapitirira. Pa mtundu wa fayilo sankhani WAV, 48 kHz, 24-bit. Mphindi imodzi imadya pafupifupi 17 MB, ndiye nyimbo ya mphindi zisanu ndi 85 MB. Ikamveka yotsika musade nkhawa, Normalize ya mu Audacity idzaikweza. Ngati mukhalabe pa foni, ikani Airplane mode, ndipo mverani pa mahedifoni mukatha nyimbo yoyamba, anthu asanabalalike.

Potumiza vidiyo kwa amene akukuikirani pa intaneti, pa WhatsApp sankhani Document. Mukaitumiza mwachizolowezi imafinyidwa, ntchito yonse ija n'kuwonongeka.

Za kuika poyera, ndikuchenjezeni ziwiri. Ngati muli ana mu kwayamo, makolo avomere kaye, makamaka polemba, ndipo musalembe mayina a ana kapena sukulu zawo pansi pa vidiyo. Akuluakulu nawonso afunseni, alipo ena safuna nkhope zawo pa Facebook ndipo ali ndi zifukwa zawo. Chachiwiri, nyimbo kukhala ya Mulungu sizitanthauza kuti ilibe mwini. Makwaya athu amatengerana nyimbo pa misonkhano mpaka woipeka kuiwalika. Mufufuzeni, mumupemphe, dzina lake lilembedwe. Ngati ili ya woyimba yemwe anaitulutsa kale, funsani ku COSOMA ku Lilongwe, bungwe loona za umwini wa nyimbo. Ndipo biti yotsitsa pa intaneti isiyeni: YouTube imatha kuizindikira yokha, vidiyo n'kutsekedwa kapena ndalama zake n'kupita kwa mwini biti.