Ngati mafutawo simunadzolepo, musanene kuti mumadzola

Funso: "Kampani ina yanditumizira mafuta a kumaso ochotsa ziphuphu. Akufuna vidiyo pofika Lachisanu, ndipo mawu andilembera kale, akuti ndinene kuti ndadzola mwezi wathunthu ndipo khungu langa lasalala. Botolo lafika dzana, sindinalitsegule n'komwe. Ndikangolemba #ad pansi, palinso cholakwa? Anzanga onse amatero."

Achemwali, cholakwa chilipo, ndipo #ad sangachifute. Kachizindikiro kameneka kamangouza woonera kuti mwalipidwa, basi. Sikamuuza kuti zimene mukunenazo n'zongopeka. Munthu akaona #ad kenako n'kumva inu mukuti "ndadzola mwezi wathunthu", amamva kuti mwalipidwa kuti mufotokoze zimene zinakuchitikiranidi. Ndiye mukhoza kuulula za malipiro bwinobwino, koma bodza n'kukhala lili pomwepo.

Kulipidwa sindikukutsutsa ayi, ndi ntchito ngati ina iliyonse. Ine ndinagwirapo ntchito yolemba mawu amene anthu otchuka pa masamba a mchezo amanena m'mavidiyo, choncho pepala ngati limene mwalandiralo ndikulidziwa. Kampani ikanafuna kungoonetsa botolo, ikanajambula yokha chithunzi chokongola kuposa chanu. Chimene ikugula kwa inu ndi liwu lakuti "ine". Wowerenga malonda pa wailesi aliyense amadziwa kuti akungowerenga zolembedwa. Koma inu anthu amakuonani muli kuchipinda kwanu, mutangodzuka, tsitsi lili nyankhalala, ndipo amakutengani ngati mnzawo amene akuwanong'oneza chinthu chimene chamuthandiza. Ndalama imene akupatsaniyo ndi mtengo wa chikhulupiriro chimenecho.

Malamulo a mayiko ena anasiyanitsa kale zinthu ziwirizi. Ku America, bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission lili ndi ndondomeko ya maumboni otsatsira malonda, yomwe anaikonzanso mu 2023. Imanena kuti ngati malonda akusonyeza kuti munthu amagwiritsa ntchito chinthu, azikhala kuti amachigwiritsadi ntchito pa nthawi imene akuperekera umboniwo. Kuulula kuti walipidwa ndi lamulo lina lapadera, ndipo kusunga limodzi sikukumasula ku linzake. Wonama akhoza kuyankha mlandu iye mwini, osati kampani yokha.

Mu 2019 a BBC anatchera msampha anthu atatu otchuka a ku Britain. Anapeka chakumwa chochepetsa thupi chotchedwa Cyanora, n'kuwaitana kuti adzayeserere kuchitsatsa. Pa mndandanda wa zosakaniza analembapo sayanaidi, poizoni wakupha. Anthuwo anawerenga mawuwo pa kamera, dzina la poizoniyo n'kulitchula ndi pakamwa pawo, chakumwacho asanachilawe. Sindikukhulupirira kuti ankafuna kupha munthu. Anangozolowera kuwerenga chilichonse chimene apatsidwa, ndipo chizolowezi chimenecho chimayamba ndi vidiyo imodzi ngati ya Lachisanuyi.

Tibwere pa mafuta anuwo, chifukwa nkhani ya khungu ili ndi msampha wakewake. Mankhwala enieni a ziphuphu sachita changu. Nthawi zambiri pamadutsa milungu inayi kapena isanu ndi umodzi munthu asanaone kusintha, ndipo kuti ziphuphu zithe bwino pamatenga miyezi iwiri kapena itatu. Choncho ngakhale mutatsegula botolo lero n'kumadzola m'mawa ndi madzulo, pofika Lachisanu simudzakhala ndi umboni uliwonse wa ziphuphu. Chimene mungadziwe m'masiku atatu ndi fungo lake, ngati amamata, ngati amalowa msanga m'khungu, ndiponso ngati akukuyabwani.

Choopsa n'chakuti mafuta amene amaonetsa zodabwitsa m'masiku ochepa ndi amene ayenera kukukayikitsani kwambiri. Ena amawathira masiteroyidi, mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa ndi kufiira kwa khungu, mwakabisira, osalemba pa botolo. Sabata yoyamba kufiira kumatha, nkhope imawala, munthu n'kumayamika. Akapitiriza miyezi ingapo khungu limapyapyala, timitsempha timayamba kuonekera, ziphuphu zimabwerera zochuluka, ndipo akasiya nkhope imatentha ngati yapsa. Ena oyeretsa khungu amakhala ndi mekyule, amene amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo pang'onopang'ono. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati wodzola sabata imodzi anganamizidwe chonchi, nanga inu amene simunatsegule n'komwe mukuikira umboni chiyani?

Chimene chinandisiyitsa ntchito ija ndi ichi. Kampani ina, sinditchula dzina, inatipatsa mafuta oti titsatse kudzera mwa atsikana asanu. Mawu ndinalemba ndine, ndipo onse asanu ananena chiganizo chimodzimodzi, chakuti "poyamba sindinkakhulupirira". Mavidiyo anatuluka sabata imodzi. Mmodzi wa iwo anachita kufinya botolo pa kamera osatuluka kanthu, chifukwa kapepala kotseka kukamwa kwa botolo kanali kasanamatulidwe. Tinadula pamenepo, tinaseka, n'kupitiriza. Patapita miyezi iwiri, mayi wina anamutumizira mtsikanayo chithunzi cha mwana wake wa zaka 16, masaya ali zidzolo zokhazokha, ndi funso limodzi: "Inu zinakuchitaninso chonchi poyamba? Apitirize?" Mtsikanayo anandiimbira foni akulira. Akanayankha kuti chiyani? Kunena kuti apitirize kunali kuika mwana wa eni pa ngozi, kunena zoona kunali kuvomera kuti ananama. Kampani sinafunsidwe ndi aliyense, chifukwa mayiyo sankaidziwa kampani, ankadziwa nkhope ya mtsikanayo.

Ndipo musaganize kuti oonera ndi ogona. Amaona botolo lodzaza mpaka pakamwa m'manja mwa munthu amene akuti wadzola mwezi. Amaona chithunzi cha "kale" chojambulidwa mumdima munthu atakwinya nkhope, cha "tsopano" chili pawindo atadzola zophodaphoda. Amakumbukira kuti mwezi watha munkalumbira pa mafuta ena. Ena amangofunsa kafunso kakang'ono, ngati "amanunkhira bwanji?", ndipo yankho lozungulira limakugwiritsani.

Ndikanakhala inu ndikanawalembera lero lomwe, n'kuwapatsa njira ziwiri. Yoyamba, vidiyo ituluke Lachisanu koma mawu asinthe. Munene kuti: "Awa ndi malonda olipidwa. Mafutawa andipatsa sabata ino, kampani ikuti amathandiza ziphuphu, ine ndangoyamba kumene." Pamenepo palibe bodza, bola muyambedi, ndipo zonena za kampani zikhale m'kamwa mwa kampani. Komabe musabwereze lonjezo limene mukuona nokha kuti n'losatheka, monga kuchotsa ziphuphu m'masiku atatu, chifukwa kuika "akuti" patsogolo sikuliyeretsa. Yachiwiri, akupatseni milungu isanu ndi umodzi. Muyambe mwapaka pang'ono mkati mwa mkono kawiri pa tsiku kwa sabata imodzi kuti muone ngati khungu likugwirizana nawo, kenako kumaso. Muzijambula pamalo amodzi, nthawi imodzi, opanda fyuluta, ndipo mu mgwirizano mulembedwe kuti mudzanena zimene mwapeza, zabwino ndi zoipa zomwe.

Musanapake n'komwe, tembenuzani botolo. Payenera kukhala mndandanda wa zosakaniza, dzina ndi adiresi ya wopanga, nambala ya gulu limene linapangidwira limodzi, ndi tsiku lothera ntchito kapena chizindikiro cha miyezi imene angakhale atatsegulidwa. Ngati palibe mndandanda wa zosakaniza, bwezani, ngakhale atawonjezera ndalama.

Akakana njira zonse ziwiri n'kuumirira pa chiganizo cha mwezi wathunthu chija, afunseni kuti n'chifukwa chiyani mafuta amene iwo akuti amagwira ntchito sangadikire milungu isanu ndi umodzi. Yankho lawolo mudzatiuze muno, ndikufuna ndilimve.