Kuchokera ku Heathrow kupita ku King's Cross ndi katundu

"Ndidzatsika ndege ku Heathrow ndili ndi masutikesi awiri ndiponso mwana, ndipo ndiyenera kukakwera sitima ya ku Leeds pa King's Cross. Google Maps ikundionetsa njira zitatu. Kodi ndingosankha yachangu?"

Achemwali, ine ndingakulangizeni kuti mukwere sitima ya pansi pa nthaka ya Piccadilly, ngakhale kuti pa foni ikuoneka ngati yochedwetsa. Sitima imeneyi imatenga pafupifupi ola limodzi, koma mukakhala pansi ku Heathrow mudzatsikira pa King's Cross St Pancras osasintha paliponse, ndiponso ndiyo yotsika mtengo pa zonse zitatu.

Njira ya Elizabeth imapulumutsa mphindi pafupifupi 10 kapena 15, koma imafuna kuti mutsike pa Farringdon n'kukwera sitima ina, ndipo mtengo wake umaposa kuwirikiza kawiri wa Piccadilly. Heathrow Express imafika pa Paddington m'mphindi 15 zokha, n'chifukwa chake imakopa maso, koma tikiti yogula tsiku lomwelo imaposa mapaundi 20, ndipo mukatsika muyenerabe kuyenda mtunda mkati mwa siteshoni kukapeza sitima ya Circle kapena ya Hammersmith & City.

Chimene muyenera kudziwa n'chakuti mphindi zimene Google Maps imawerengera posintha sitima ndi za munthu wopepukidwa, amene akudziwa kolowera. Inu mudzakhala mukukoka masutikesi, mwana ali kumsana, mukufunafuna chikepe chimene mwina chili kumapeto kwenikweni kwa siteshoni, ndipo chikafika chodzaza mudzadikira ulendo wina. Zikatero, mphindi zimene munkati mwapulumutsa zimathera pomwepo, ndalama mutalipira kale. Choncho lowani pa Options n'kusankha Fewer transfers, kenako muyesenso Wheelchair accessible, chifukwa njira yodutsa munthu wa pa njinga ya olumala imakhala yopanda masitepe, ndipo ndiyo yoyeneranso munthu wa katundu. Dinani njira iliyonse kuti muone tsatanetsatane wake, osangodalira nambala yaikulu ya pamwamba.

Ikaninso tsiku lenileni la ulendo, ndipo pa Arrive by mulembe nthawi yoti mufike kukadali theka la ola sitima ya ku Leeds isananyamuke. Kumapeto kwa sabata njanji zina amazitseka kuti azikonze, moti njira imene mukuiona lero ikhoza kusakhalapo tsikulo. Ngati tikiti yanu ya ku Leeds ndi ya Advance, imagwira ntchito pa sitima imene yalembedwapo yokha, choncho musankhe yonyamuka patapita maola angapo ndege itatera, pakuti mzere wodinditsa mapasipoti sudziwika kutalika kwake.

Mitengo muitsimikize pa Single fare finder, tsamba la pa intaneti la TfL, bungwe loyang'anira zamayendedwe mu London. Polowa ndi potuluka gwiritsani ntchito khadi limodzi lomwelo, kaya la ku banki kapena la Oyster lolipirira maulendo mu London, chifukwa mukasinthanitsa amakudulani mtengo wapamwamba kawiri. Mwana wosakwana zaka 11 salipira pa Piccadilly akakhala ndi inu, ndipo mudzadutsire limodzi pa geti lotambalala lija la anthu a katundu.