Uthenga wa 7 koloko pamene inu muli m'tulo: WhatsApp ndi nkhani yosungitsa mauthenga

"Ndimagwira ntchito usiku, ndimaweruka 5 koloko m'mawa n'kukagona. Lolemba lililonse ndimayenera kukumbutsa mnzanga wa masana za lipoti nthawi ya 7 koloko, koma nthawi imeneyo ndimakhala ndili m'tulo. Ndikatumiza 5 koloko ndimamudzutsa, ndipo sizimusangalatsa. N'chifukwa chiyani WhatsApp ilibe poti munthu n'kulemba uthenga pano kuti upite nthawi ina? Ndili ndi foni ya Android, mayi a kunyumba ali ndi iPhone ndipo nawonso akufunsa zomwezi. Pali chomwe tingachite?"

Achimwene, chochita chilipo, koma ndiyambe ndi funso limene limasula zonse: uthenga umene mwalemba 5 koloko uja ukhala kuti mpaka 7 koloko, ndipo akautumize ndani? Malo ake ndi awiri okha. Ukhoza kudikira pa makompyuta a kampani, amene timawatcha maseva, kapena ukhoza kudikira m'foni mwanu momwemo.

Telegram inasankha malo oyamba. Macheza ake a tsiku ndi tsiku amakhala pa seva, choncho kuyambira 2019 munthu amangodina batani lotumizira osachotsa chala, n'kusankha tsiku ndi ola. Ngakhale foni igwere m'madzi, uthengawo upitabe chifukwa unachoka kale m'manja mwanu. WhatsApp inamangidwa mwa mtundu wina. Kuyambira mu Epulo 2016 uthenga uliwonse umatsekedwa ndi kiyi usanachoke m'foni mwanu, ndipo umakatseguka m'foni ya wolandira yekha. Seva yawo ili ngati wamtengatenga: ikapereka uthenga imaufufuta, ndipo wolandira akakhala kuti sali pa intaneti imausunga mpaka masiku 30 basi. Siinakonzedwe kuti ikhale nkhokwe yosungiramo mauthenga odikira nthawi yake.

Ambiri amathera pamenepa n'kunena kuti kutseka mauthenga ndiko kumaletsa. Ine sindikhutira nazo. Mauthenga a iMessage nawonso amatsekedwa chimodzimodzi, koma mu 2024 Apple inaika `Send Later` mu iOS 18: uthenga umadikira pa seva yawo uli wotseka, mpaka masiku 14, ndipo umapita ngakhale foni itazima. Signal, imene WhatsApp inabwerekako njira yake yotsekera mauthenga, imalola a Android kusungitsa uthenga m'foni momwemo. Ndiye kuti kutseka kumangolimbitsa ntchitoyo, sikuiletsa. Mmene ndimaonera ine, chachikulu ndi mantha a mauthenga osafunika. Taonani mbiri yawo: mu 2019 analetsa kupatsira uthenga kwa anthu kapena magulu oposa 5 nthawi imodzi, mu 2020 anati uthenga umene wazungulira kwambiri uzipita kumodzi basi pa ulendo, ndipo mndandanda wa `Broadcast`, wotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri, umathera pa anthu 256. Kampani imene yakhala ikuchepetsa liwiro la mauthenga chonchi singathamangire kupatsa aliyense chida choti mauthenga azituluka okha mwiniwake ali m'tulo. Onjezerani kuti kutumiza mauthenga pa nthawi yoikika ndi ntchito imene makampani amalipira kudzera pa WhatsApp Business Platform. Awa ndi maganizo anga, koma akugwirizana ndi zimene tonse taziona.

Tsono popeza seva yakana kusunga, njira zonse zozembera zimagwera pa malo achiwiri aja. Uthenga umadikira m'foni mwanu, ndipo nthawi ikakwana pamafunika chala choti chidine batani. Foni ikazima, batire ikatha, kapena deta ikakuthereni 6 koloko, palibe chimene chipite. Mukagwira mfundo imeneyi, mavuto onse amene ndikambe m'munsimu simudabwa nawo.

Tiyambe ndi foni yanu. Pa Android pali mapulogalamu monga SKEDit ndi Wasavi, ndipo okonda kudzipangira zinthu amagwiritsa ntchito Tasker kapena MacroDroid. Onsewa WhatsApp sinawapatse khomo lolowera. Amadutsira pa `Accessibility`, chilolezo chimene chinapangidwira anthu ovutika kuona kapena kugwira foni, choti pulogalamu iziwawerengera zili pa sikirini ndi kuwadinira mabatani. Ndiye 7 koloko ikakwana, pulogalamuyo imayatsa sikirini, kutsegula WhatsApp, kufufuza dzina la mnzanuyo, kulemba mawu aja, n'kudina potumizira. Mutakhala maso mukhoza kuonerera foni ikudzigwira yokha ngati muli mzukwa.

Apa ndi pamene pali fupa. Kawirikawiri pulogalamuyo singadutse loko ya foni. Imakupatsani zosankha ziwiri: muchotseretu PIN ndi chidindo cha chala kuti izitumiza yokha, kapena izikufunsani kaye nthawi ikakwana. Yachiwiriyi kwa inu ilibe phindu, chifukwa kudzuka 7 koloko kukadina "inde" n'chimodzimodzi kudzuka kukalemba nokha. Yoyambayo imagwira ntchito, koma mtengo wake ndi foni yosatseka, komanso pulogalamu ya eni imene ili ndi mphamvu yoona chilichonse chotuluka pa sikirini, za kubanki zomwe. Ngati muli ndi foni yakale imene imangokhala m'nyumba, imeneyo ndiyo ya ntchito imeneyi: ilumikizeni ku akaunti yanu kudzera pa `Linked devices`, muichotse loko, ikhale pa chaja. Foni imene mumayenda nayo isiyeni yotseka.

Mukasankha njira imeneyi, konzani zinthu zitatu musanakagone. Android imagoneka mapulogalamu foni ikakhala phee kuti isunge batire, khalidwe limene linayamba ndi Android 6 mu 2015, ndipo mafoni ena amachita kuipheratu pulogalamuyo. Pitani pa zokonzera za pulogalamuyo, pa batire musankhe `Unrestricted`. Kenako onani ngati yaloledwa pa `Alarms & reminders`, chifukwa popanda chimenechi uthenga wa 7:00 ukhoza kutuluka mochedwa. Chachitatu, ngati WhatsApp yeniyeniyo munaiika loko ya chala, ichotseni, apo ayi pulogalamuyo ikafika pakhomo n'kubwerera.

Chinthu china chimene chinandichititsapo manyazi ndi mayina ofanana. Pulogalamu ina imene ndinkayesa inkasaka munthu ndi dzina, ndipo m'foni mwanga munali anthu awiri a dzina limodzi. Uthenga wa ntchito unakagwera kwa msuweni. Mnzanuyo musungeni ndi dzina loti palibe wina ali nalo. Ndipo Lamlungu yesani kaye: ikani uthenga woti upite pakatha mphindi 10, ikani foni pansi, musaigwire. Mukadzuka Lolemba, yang'anani kachizindikiro ka pansi pa uthenga. Mawu akakhala kuti adakali m'bokosi lolembera, ndiye kuti chala chija chinaphonya batani, zimene zimachitika WhatsApp ikasintha maonekedwe. Kawotchi kakutanthauza kuti uthenga unadinidwa koma deta panalibe. Chongi chimodzi ndiye kuti mbali yanu yatha, vuto lili kwa mnzanuyo. Ngati palibe chilichonse, pulogalamuyo sinadzuke n'komwe, bwererani ku nkhani ya batire ija.

Wina akuuzani za GB WhatsApp ndi anzake, kuti ali nazo kale zonsezi. Musayerekeze. Si a WhatsApp anawapanga, ndipo nambala yanu ikhoza kutsekedwa.

Mayi a kunyumba zawo n'zosavutirapo kuyamba, chifukwa iPhone simalola pulogalamu ina kugwira inzake, koma ili ndi `Shortcuts` ya Apple yomwe. Atsegule `Shortcuts`, apite pa `Automation`, ayambe yatsopano ndi `Time of Day`, aike ola. Asankhe `Run Immediately` kuti isamawafunse (pa mafoni amene sanafike pa iOS 17 amazimitsa `Ask Before Running`). Kenako asake `Send Message`, ndipo apa asamale: zilipo ziwiri, ina ya Messages, ina ya WhatsApp ya chizindikiro chobiriwira chokhala ndi kafoni. Alembe uthenga, asankhe munthu amene ali kale m'mabuku a manambala a foniyo.

Msampha wake ndi wakuti `Time of Day` ilibe "kamodzi kokha". Ili ndi `Daily`, `Weekly` ndi `Monthly` basi. Kwa chikumbutso cha Lolemba lililonse ngati chanu, `Weekly` ikukwanira bwinobwino. Koma akafuna kufunira munthu mafuno abwino a tsiku lobadwa pa 12 Juni, ayenera kusankha `Monthly` pa 12, ndipo uthenga ukangopita afufute zimene anakonzazo. Akaiwala, pa 12 Julayi munthu uja alandiranso mafuno omwewo, n'kuyamba kudabwa kuti wabadwa kangati chaka chino. Nayonso imafuna foni yoyaka ndi intaneti, imakanika WhatsApp ikakhala ndi loko ya Face ID, ndipo nthawi zina foni ikakhala yotseka imangoonetsa chidziwitso choti muitsegule kaye. Ayese foni ili yotseka, asayese ili m'manja.

WhatsApp Business ndingoitchula mwachidule chifukwa anthu amaisokoneza. `Away message` yake imaikidwa pa maola ndithu, koma ndi yankho: imatuluka wina akakulemberani. Singayambitse yokha macheza.

Njira imene ine ndimagwiritsa ntchito pa mafoni onse awiri si yozizwitsa. Ndimalemba uthenga m'linki ya WhatsApp, n'kuiika m'chikumbutso cha kalendala:

```
https://wa.me/1XXXXXXXXXX?text=Lipoti%20lija%20ndi%20la%20lero
```

Nambala imalembedwa ndi khodi ya dziko, popanda `+`, popanda ziro wa kutsogolo, popanda mipata, ndipo mpata uliwonse wa m'mawu umakhala `%20`. Chikumbutso chikalira, ndimadina linki, macheza amatseguka mawu ali olembeka kale, ndimangodina potumizira. Sipafunika kuchotsa loko kapena kupereka chilolezo kwa pulogalamu ya eni. Ubwino wina n'ngwakuti ndimaona kaye ngati zinthu zasintha. Uthenga wodzitumiza wokha sudziwa kuti lipoti linaperekedwa kale dzulo, kapena kuti mnzanuyo walemba usiku kuti ali pa maliro.

Koma njira imeneyi imafuna munthu wamaso, ndipo inu 7 koloko mumakhala mukuliza mkonono. Ndikanakhala inu, ndikanafunsa mnzangayo ngati chikumbutsocho chiyenera kubwera pa WhatsApp basi. Google Messages pa Android imasungitsa uthenga wamba wa pa foni mukadina potumizira osachotsa chala, ndipo imatumiza foni ili yotseka, bola ikhale yoyaka ndipo netiweki ilipo. Gmail ili ndi `Schedule send` kuyambira 2019, ndipo imeneyo imadikira pa seva, moti foni yanu ikhoza kuzima nthawi yonse imene muli m'tulo. Akakakamira WhatsApp, ndiye mufukule foni yakale ija m'kabati, muiike pa chaja, ndipo Lolemba loyamba ndi lachiwiri mutchere alamu ya 7:05 kuti muone ndi maso anu kuti chongi chatuluka.