Mtima wa buluu sikuti chikondi chazizira

"Mnyamata amene timacheza naye ankanditumizira ❤️, koma dzulo wayankha ndi 💙. Kodi watopa nane?"

Achemwali, palibe lamulo lomwe linagawira mitima imeneyi matanthauzo. Bungwe la Unicode, lomwe limavomereza tizithunzi timeneti, limangotchula dzina ndi mtundu wake basi. Zina zonsezi tinaziyika tokha pocheza.

Wofiira ndiye wakale, ndipo tonse timaudziwa kuti ndi wachikondi. Nchifukwa chake umalemera. Munthu akafuna kuonetsa kuti amakukondani koma osafika pa chibwenzi, amathawira ku mtundu wina. Wa buluu wagwira ntchito imeneyi kwa nthawi yaitali, pakati pa abwenzi ndi achibale. Wa olenji unabwera mochedwa, mu 2017, ndipo ambiri amauona ngati wofiira wothira madzi: ndimakufunani, koma ndikuopa kunena. Wakuda, womwe unabwera mu 2016, umapezeka pa uthenga wa maliro, ngakhale achinyamata ena amangoukonda poseka nthabwala zowawa.

Koma musanadandaule, taonani kaye zomwe munkakambirana dzulolo. Ngati mnyamatayo ndi wa Manoma ndipo Wanderers inali itapambana, buluuyo ndi wa timu, monga mmene wa Bullets amamwazira wofiira kwa aliyense, ngakhale kwa amalume ake. Komanso pa WhatsApp, mukadina uthenga kwa kanthawi, mtima womwe umatulukira pompo ndi wofiira, choncho ena amautumiza osaganiza nkomwe. Wa buluu amachita kuufunafuna.

Chomwe chingakuuzeni zoona ndi mauthengawo. Ngati ayamba kufupika, kuyankhanso mochedwa, ndipo wofiira wasowa sabata yonse, pamenepo mufunseni maso ndi maso.