Nyali ya sola ibweza liti ndalama zake?

"Ndikufuna kugula nyali ya sola yotchajanso foni. Kodi padzapita nthawi yaitali bwanji kuti ndalama zanga zibwerere?"

Achimwene, ngati nyaliyo ili ndi potchajira foni ndipo parafini mumusiyadi, yembekezani miyezi ingapo, osati zaka. Chiwerengero chenicheni chili m'thumba mwanu momwemo. Kwa masabata awiri lembani zonse zimene mukuwononga pa parafini ndi potchajitsa foni, mupeze za sabata imodzi, kenako mugawe mtengo wa nyali ndi ndalama zimenezo.

Kwathu tinawerengera m'malita. Nyali inali pa mtengo wa malita 12 a parafini. Koloboyi ankamwa theka la lita pa sabata, ndipo kutchajitsa foni katatu kunkafanana ndi kota ya lita. Papepala anali masabata 16, koma zinatitengera masabata 22, chifukwa kukhitchini tinkayatsabe koloboyi, komanso kukachita mitambo batire silinkakwanitsa zonse ziwiri, kuunikira ndi kudzaza foni. Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Werengerani parafini yekhayo amene mudzasiyedi kugula.

Ngati mukugula molipira pang'onopang'ono, phatikizani malipiro onse mpaka omaliza, pakuti umenewo ndiye mtengo wake. Funsaninso za chitsimikizo, chifukwa batire likafa ndalama zisanabwerere, mwaluza. Muziika panelo padzuwa lenileni ndi kulipukuta fumbi. Batire likayamba kufufuma, kutentha kwambiri kapena kutha msanga litakhala padzuwa tsiku lonse, musalitsegule nokha, pitani nalo kwa katswiri wa za sola.