Zikwama zisiyane, koma zithunzi zifanane

"Achemwali, ndayamba kuoda zikwama kunja n'kumagulitsa pa intaneti. Zithunzi zanu zimaoneka zofanana zonse, koma zanga china chachikasu, china chamdima, china chikwama chili pakona. Mumatani?"

Mng'ono wanga, ntchito yaikulu imachitika musanajambule n'komwe. Sankhani malo amodzi pafupi ndi windo, pamene kuwala kumalowa bwino koma dzuwa silikuomba mwachindunji, ndipo muzijambulira pomwepo nthawi yofanana tsiku lililonse. Tengani pepala lalikulu loyera, mbali ina muimate kukhoma, ina igone patebulo, osalipinda. Likatsika mokhota choncho, kumbuyo kwa chikwama sikuoneka mzere wa pamene khoma lakumana ndi tebulo. Mbali yomwe kulibe windo imikani katoni yoyera kuti izibweza kuwala, mthunzi ufewe.

Magetsi a m'nyumba zimitsani, fulashinso ayi. Chikasu chimachokera apa: pa muyeso wa mtundu wa kuwala wotchedwa Kelvin, kapena K mwachidule, mababu ambiri ofiirira amawala pa 2700K, pamene kuwala kwa masana kuli pafupi ndi 5500K. Mukasakaniza ziwirizi, mbali ina ya chikwama imaoneka yachikasu, ina yabuluu, ndipo mukakonza mbali imodzi inayo imaipiraipira.

Foni ikhale pa choimikira. Ikani tepi pansi pomwe choimikiracho chaima, ina papepala pomwe pakhale chikwama. Musayandikire kwambiri, chifukwa kamera ikayandikira imatupitsa kutsogolo kwa chikwama, zogwirira n'kuoneka zazing'ono. Bwererani m'mbuyo, ndipo ngati kamera ya foni yanu ili ndi 2x, yokulitsa chinthu kawiri, gwiritsani ntchito imeneyo. Chinanso, kamera ikaona zoyera zambiri imachepetsa yokha kuwala, n'chifukwa chake pepala loyera limatuluka lotuwa. Dinani pachikwama osachotsa chala mpaka kamera ikhazikike, kenako kwezani kuwala pang'ono.

Tsopano tinene kuti mwajambula chikwama chabuluu wakuda uja, amene pachithunzi amakonda kusanduka wakuda bii. Tsegulani chithunzicho mu Snapseed, pulogalamu ya pafoni yokonzera zithunzi. Yambani ndi White Balance: tengani kachida kotolera mtundu, kaikeni papepala loyera lija, chikasu chichoka. Kenako pa Tune Image kwezani Brightness pang'onopang'ono, maso ali pa ulusi wa msoko. Ulusi ndi timizere tachikopa zikayamba kufufutika, kapena zipi ikasanduka choyera chopanda mano, mwapyola, bwererani. Ngati buluu sakuonekabe, kwezani Shadows pang'ono. Saturation, yomwe imakoleza mitundu, musaikhudze. Ine ndikamaliza ndimanyamula chikwamacho, n'kuima nacho pawindo foni ili m'dzanja lina, n'kuyerekeza. Pamenepa sindichita chibwana ayi. Katundu wodutsa naye pachipata, msonkho mutalipira, simungakamubweze komwe munaoda, ndiye kasitomala akakana kuti si mtundu umene anaona, chikwamacho chimakutsalirani m'manja.

Mukakhutira, sungani. Potsegula chithunzi chotsatira, dinani Last edits kuti zomwezo zipitenso pamenepo. Izi zimayenda bwino pokhapokha ngati kuwala kunali kumodzi pojambula, ndipo chikwama choyera kapena chonyezimira chimafunabe kuchiyang'ananso pachokha.

Kudula kuchitike pomaliza. Ongolani kaye ndi Rotate kuti pansi pa chikwama pakhale tayale, kenako pa Crop sankhani Square, ndiye kuti mbali zonse zofanana. Lamulo langa ndi lomwe Amazon, msika waukulu wa pa intaneti, imafunanso pa chithunzi choyamba: katundu adzaze 85 peresenti ya chithunzi. Ngati chithunzi chili 1200 kwa 1200, mbali yaitali ya chikwama itenge mapikiselo pafupifupi 1020, kutsale 90 uku, 90 uko. Chikwama chachitali mumayeza kuchokera pamwamba pa zogwirira kufika pansi, chotambalala mumayeza m'mbali. N'chifukwa chake pojambula muzisiya mpata wokwanira kuzungulira, chifukwa chomwe kamera inadula simungachibweze. Zogwirira ziziima mofanana pa zikwama zonse, ndipo mkati muziika mapepala kuti chisafwaphe.

Lamuloli lili ndi vuto lake limodzi. Kachikwama ka m'manja ndi chikwama chapaulendo zimaoneka zazikulu mofanana, choncho lembani miyeso m'masentimita, kapena muonjezere chithunzi chachiwiri munthu atachinyamula.

Musanaike pa intaneti, tsegulani zithunzi zonse pamodzi zili zazing'onozing'ono. Chomwe pepala lake latuwa kapena chikwama chakwera m'mwamba chimaonekera msanga pakati pa zinzake. Ngati wina akukuthandizani kukonza, mutumizireni pa WhatsApp ngati Document, chifukwa kutumiza mwamba kumafinya chithunzi, ulusi wa msoko uja n'kusowa.